Mmene ndinawerengera pH ya madzi a pachitsime

Tchati cha mitundu chowerengera pH, womwe ndi muyeso wa asidi m'madzi, chitanyowa n'kufufuma, ndinatsala ndi chithunzi chake cha pafoni, koma kapepala koyezera kankaoneka mosiyana nthawi iliyonse ndikakayandikitsa pa sikirini. Ndinazindikira kuti kuwala kwa foni kunkasokoneza maso anga. Choncho ndinaviika kapepala katsopano m'madzi, ndinakaika pa pepala loyera pamthunzi masana, n'kukajambula ndi foni yomweyo kasanaume, kuti ndiyerekezere chithunzi ndi chithunzi chinzake. Mtundu wake unali pakati pa chikasu chobiriwirako cha 6 ndi kubiriwira kwa 7, koma unayandikira 7. Popeza tchaticho chimadumpha ndi nambala yathunthu, kulemba 6.8 kukanakhala kudzinamiza. Ndinalemba kuti pH ili pafupifupi 6.5, pakati pa 6 ndi 7.