Momwe mungatchulire munthu m'kalata yaulemu ya Chitaliyana: dottore, professore ndi maudindo ena

Ngati mukulembera kalata mphunzitsi wa pa yunivesite ya ku Italiya, ofesi yolembetsa ophunzira, kapena ofesi ya kazembe wa Italiya ku Lusaka, imene imatumikiranso Malawi, ntchito yaikulu ili pa mzere woyamba. Ataliyana amasamala kwambiri za maudindo, ndipo munthu amene anavutikira maphunziro ake amayembekezera kuona udindo wake patsogolo pa dzina lake. Kalata imene yaphonya pamenepa imawerengedwabe, koma wolandirayo amazindikira msanga kuti wolembayo sanafufuze amene akumulembera. M'nkhani ino titsatira chitsanzo chimodzi, cha wophunzira wa ku Zomba amene akupempha malo pa yunivesite ya Padova ndipo ayenera kulembera anthu awiri: mayi amene ndi mphunzitsi, tingomutcha Bianchi, ndi bambo wa mu ofesi, tingomutcha Rossi. Mayina awiriwa ndi ongoyerekezera, ndipo tawasankha chifukwa ndi ofala m'dzikomo.

Choyamba, dziwani bwino munthuyo musanalembe chilichonse

Muyenera kupeza zinthu zitatu: dzina la makolo, kaya ndi mwamuna kapena mkazi, ndiponso udindo wake. Malo odalirika kwambiri ndi m'munsi mwa kalata imene iye mwini analembapo, chifukwa pamenepo amadzitchula mmene amafunira kutchulidwa. Ngati palibe kalata yotere, onani tsamba la yunivesite kapena la ofesiyo pa intaneti.

Apa pali misampha iwiri. M'ndandanda wa maofesi, Ataliyana amakonda kuyamba ndi dzina la makolo, choncho mukaona Rossi Andrea, dzina lotsatira udindo ndi Rossi, osati Andrea. Msampha wachiwiri uli m'dzina lomwelo, pakuti ku Italiya Andrea, Nicola, Simone, Michele ndi Gabriele ndi mayina a amuna, ngakhale kuti m'makutu mwathu ena amamveka ngati a akazi. Popeza pafupifupi udindo uliwonse m'Chitaliyana umasintha malinga ndi mwamuna kapena mkazi, kulakwitsa apa kumawononga kalata yonse kuyambira pamwamba.

Chachiwiri, sankhani udindo, ndipo mvetsetsani kuti dottore ndi yani

Kwathu kuno tikamva dokotala timaganiza za wa kuchipatala kapena wa digiri yapamwamba koposa. Ku Italiya si choncho. Aliyense amene anamaliza laurea, imene ndi digiri ya ku yunivesite, ndi dottore ngati ali mwamuna ndipo ndi dottoressa ngati ali mkazi, kaya anaphunzira za malamulo, za chuma kapena za zilankhulo. Lamulo la unduna wa maphunziro la nambala 270, la m'chaka cha 2004, linagawa maudindowa patatu: wa digiri yoyamba ya zaka zitatu ndi dottore, wa digiri yachiwiri ndi dottore magistrale, ndipo wa digiri ya kafukufuku ndi dottore di ricerca. Kusiyanaku kumalembedwa pa mapepala a maphunziro, koma m'kalata onsewa mumangowatcha Dottore kapena Dottoressa, ndipo mwachidule Dott. ndi Dott.ssa.

Zimenezi zikutanthauza kuti bambo Rossi wa mu ofesi ya yunivesite akhoza kukhala dottore ngakhale sanagwirepo jekeseni. Ngati ali mkulu wa ofesi ndipo simunapeze udindo wake, malangizo anga ndi akuti mulembe Dottore. Munthu amene alibe digiri kawirikawiri sakhumudwa akapatsidwa ulemu wopitirira, pamene amene ali nayo angamve kuti mwamuchepsa mukamutcha Signor basi.

Kwa mayi Bianchi nkhani ndi ina. Iwonso ali ndi digiri, motero ndi dottoressa, koma udindo wa uphunzitsi umaposa umenewo, ndipo muyenera kulemba Professoressa, mwachidule Prof.ssa; akanakhala mwamuna mukanalemba Professore, mwachidule Prof. Pa tsamba la yunivesite mudzaona mawu monga professore ordinario ndi professore associato, koma magawo amenewa salowa m'moni. Dziwaninso kuti aphunzitsi a kusekondale nawonso amatchedwa professore, pamene a kupulayimale ndi maestro ndi maestra.

Ntchito zina zili ndi maudindo awoawo amene amalowa m'malo mwa dottore: loya ndi Avvocato (Avv.), injiniya ndi Ingegnere (Ing.), wolemba mapulani a nyumba ndi Architetto (Arch.). Kwa akazi a ntchito zimenezi mwambo ukusintha, ena akufuna Avvocata pamene ena akusungabe Avvocato, choncho tsatirani mmene mwini wake amasainira. Ngati munthu alibe udindo uliwonse, lembani Signor kwa mwamuna ndi Signora kwa mkazi aliyense wamkulu. Mawu akuti Signorina, amene kale ankanena mkazi wosakwatiwa, asiyeni kotheratu m'kalata ya ntchito.

Chachitatu, dulani chilembo chomaliza pamene pakutsatira dzina

Ili ndi lamulo laling'ono limene alendo ambiri amaphonya. Maudindo a amuna othera ndi -re amataya e womaliza akatsatiridwa ndi dzina, koma amakhala athunthu akaima okha. Choncho mulemba Dottor Rossi, Professor Rossi, Ingegner Rossi, Signor Rossi, koma ngati simukutchula dzina mulemba Egregio Dottore. Maudindo a akazi sadulidwa, ndiponso Avvocato ndi Architetto sasintha. M'moni ikani udindo umodzi wokha, ndipo musasanjikize Signor pamwamba pa Dottor. Pamene Signor amayenda ndi udindo wina ndi pa mipando ya boma, monga Signor Ministro, Signor Presidente ndi Signor Ambasciatore.

Chachinayi, ikani mawu aulemu otsogolera

Udindo suima wokha, umatsogozedwa ndi mawu otamanda, ndipo kusankha kwake kumasonyeza mtunda umene uli pakati pa inu ndi wolandirayo. Mawu akuti Gentile ndiwo osavuta koposa chifukwa amagwira kwa mwamuna ndi kwa mkazi yemwe, ndipo masiku ano amalandiridwa pafupifupi kulikonse. Mukafuna kuwonjezera ulemu mumalemba Gentilissimo kapena Gentilissima, mwachidule Gent.mo ndi Gent.ma. Mawu akuti Egregio ndi olemera ndi ozizirirapo, ndipo mwamwambo amapita kwa amuna. Egregia alipo koma sagwiritsidwa ntchito kwambiri. Ngati kalata ikupita ku kampani kapena ku ofesi osati kwa munthu, mawu ake ndi Spettabile, mwachidule Spett.le, ndipo amenewa salembedwa patsogolo pa dzina la munthu. Caro, Ciao ndi Salve musawagwiritse ntchito m'kalata yoyamba: awiri oyambawo ndi a anthu odziwana, ndipo Salve aphunzitsi ambiri amawaona ngati moni wa munthu amene sanafune kuvutika posankha.

Yunivesite ili ndi mawu akeake akale. Pa envelopu, pa pempho lolembedwa mwalamulo ndi pa chikuto cha kafukufuku, mphunzitsi amalembedwa Chiarissimo Professore kapena Chiarissima Professoressa, mwachidule Chiar.mo Prof. ndi Chiar.ma Prof.ssa. Mkulu wa yunivesite yonse ndi Magnifico Rettore, ndipo akakhala mkazi ndi Magnifica Rettrice, monga anayamba kutchulidwira Antonella Polimeni atasankhidwa m'chaka cha 2020 kukhala mkazi woyamba kutsogolera yunivesite ya Sapienza ku Roma. Mu imelo ya tsiku ndi tsiku Chiarissima imalemera mopitirira, ndipo Gentile Professoressa ndi yokwanira.

Tsopano tiike zonse pamodzi. Kalata yopita ku ofesi imayamba ndi malo ndi tsiku, dzina la mwezi likulembedwa ndi chilembo chaching'ono, kenako wolandira, kenako mutu wa nkhani umene umatchedwa Oggetto:

Zomba, 12 marzo 2025
Spett.le Ufficio Ammissioni
alla c.a. del Dott. Andrea Rossi
Oggetto: richiesta di informazioni
Gentile Dottor Rossi,
Le scrivo per chiedere informazioni sull'iscrizione.

Zilembo c.a. zikuimira cortese attenzione, kutanthauza kuti kalata ndi ya ofesi koma ifikire m'manja mwa munthu ameneyo. Onani kuti chidule Dott. chili pa adiresi, koma m'moni udindo walembedwa wonse. Kwa mayi Bianchi, adiresi ikhala Chiar.ma Prof.ssa ndi mayina awo onse awiri, ndipo moni ukhala Gentile Professoressa Bianchi, wopanda dzina loyamba. Pambuyo pa moni pamabwera mpatuliro, ndipo mzere wotsatira mwamwambo umayamba ndi chilembo chaching'ono, pokhapokha ngati mawu oyambawo ali aulemu monga Le wa m'chitsanzomu.

Chachisanu, sungani Lei kuyambira pamwamba mpaka pansi

Monga ife timanenera inu kwa munthu wamkulu, Ataliyana amanena Lei m'malo mwa tu. Kusiyana kwake ndi kwakuti Lei amayenda ndi mneni wa munthu wachitatu, ngati kuti mukunena za munthu wina, ndipo amagwira kwa mwamuna ndi mkazi yemwe. M'kalata yaulemu mawu onse oloza wolandira amayamba ndi chilembo chachikulu: Lei, La, Le, Suo, Sua. Ena amachisunga ngakhale m'kati mwa mawu, monga ringraziandoLa. Mwambowu sukakamizidwa masiku ano, koma mukauyamba muusunge mpaka kumapeto.

Vuto limene limabwera kawirikawiri kwa amene amasulira kalata ndi makina ndi lakuti moni umakhala waulemu koma m'kati mumalowa tu. Mungalizindikire ngakhale simudziwa Chitaliyana: fufuzani mawu akuti tu, ti, tuo, tua, puoi ndi hai. Mukawapeza, asintheni kukhala Lei, La kapena Le, Suo, Sua, può ndi ha. Pamene kalata ikupita kwa Spett.le popanda munthu wotchulidwa, mumagwiritsa ntchito Voi, Vi ndi Vostro, chifukwa mukulankhula ndi gulu.

Chachisanu ndi chimodzi, tsekani molingana ndi mmene munatsegulira

Kalata imene yayamba ndi Egregio kapena Spettabile imayenerana ndi Distinti saluti, pamene yoyamba ndi Gentile imayenerana ndi Cordiali saluti, amene ali ofundirapo. Kwa mayi Bianchi wophunzira wathu angalembe kuti In attesa di un Suo cortese riscontro, Le porgo cordiali saluti, kutanthauza kuti akudikira yankho lawo ndipo akupereka moni. Posaina lembani dzina lanu loyamba kenako la makolo, ndipo musadzitche Signor kapena Signora. Samalaninso ndi Dott. patsogolo pa dzina lanu, chifukwa gawo 498 la malamulo a milandu ku Italiya limaika chindapusa kwa munthu wodzipatsa udindo wa maphunziro umene alibe. Ngati digiri yanu ndi ya kuno, njira yabwino ndi kulemba dzina lake lenileni ndi yunivesite imene inakupatsani pa mzere wa pansi pa dzina lanu.

Yankho likabwera, onani mmene akutchulirani ndi mmene asainira. Ngati mayi Bianchi ayankha ndi Gentile ndi dzina lanu loyamba, inu pitirizani ndi Professoressa ndi Lei, chifukwa kusintha kupita ku tu kumayamba ndi wamkuluyo, ndipo kawirikawiri amanena poyera kuti diamoci del tu, kutanthauza kuti tiyeni tizitchulana tu.