Mmene ndinawerengera kalata ya mankhwala ya azakhali

Azakhali amakhala ku Rosettenville, ine ku Yeoville. Lachiwiri ananditumizira chithunzi cha kalata ya adokotala pa WhatsApp kuti ndiwamasulire m'Chichewa. Chithunzi choyamba chinali ndi mthunzi wa dzanja lawo, ndiye ndinati, "Azakhali, yalani pepalalo pafupi ndi zenera mujambulenso."

Chachiwiri chinaoneka bwino. Mzere woyamba unali "amoxicillin 500 mg tds x 5/7". Apa "tds" ndi katatu pa tsiku, ndipo "5/7" ndi masiku 5, osati tsiku la pa kalendala monga anaganizira iwo. Ndinawalembera: kapisozi mmodzi m'mawa, masana ndi usiku, masiku 5.

Mzere wachiwiri ndi umene unandivuta. Mawu oti "nocte", kutanthauza usiku, ndinawawerenga, koma nambala inali pomwe pepala linapindika. Kaya 10 mg kaya 70 mg, zolemba za adokotala mukuzidziwa. Sindinalote. Ndinangolemba kuti "mlingo sukuwerengeka, musamwe kaye."

M'mawa mwake azakhali anapita ku famase ndi pepala lenilenilo. Wa pa famase anaimbira adokotala foni, ndipo anatsimikiza kuti ndi 10 mg.