Pa gulu aliyense akuona nambala yanu, pa bulodikasiti ena uthenga sukuwafika

Abale anga a kuno ku Joni, transipota kapena ejenti aliyense akakuuzani kuti "ndikuikani pa gulu la makasitomala kuti muzimva nkhani za katundu", muyambe mwafunsa kuti pagulupo pali ndani. Musachite manyazi. Gulu la WhatsApp limatha kunyamula anthu 1,024, ndipo aliyense amene ali mmenemo akangodina dzina la gululo pamwamba, amaona mndandanda wonse wa anthu ndi manambala awo. Ngakhale sanakuseveni, nambala yanu akuiona, kadzina kamene munadzilembera pa WhatsApp akukaona, ndipo ngati simunatseke chithunzi chanu, nkhope yanunso akuiona. Zilibe kanthu kuti simunalembepo kalikonse.

Bulodikasiti ndi chinthu china. Wotumiza amasankha anthu mufoni mwake, osapitirira 256 pa mndandanda umodzi, n'kulemba uthenga kamodzi. Uthengawo umafika kwa aliyense payekhapayekha, pamalo omwe aja amene mumachezera awiri. Wolandira saona kuti wina walandiranso, saona nambala ya munthu wina, ndipo akayankha, yankho limapita kwa wotumiza yekha. Kupanga kwake n'kosavuta: pa foni za Android dinani timadontho titatu pamwamba, sankhani New broadcast, chongani mayina, basi.

Ndiye n'chifukwa chiyani anthu amalonda ambiri amathamangira gulu? Ulesi. Gulu umangoponyamo anthu ngati matumba m'ngolo, osawapempha n'komwe.

Ine zinandionekera ndi transipota wina amene ndinamupatsa firiji ndi zikwama ziwiri zopita kwa mayi anga. Dzina sinditchula, koma mtima sunaphwebe. Tsiku lopakira ndinangozindikira ndili pa gulu la anthu oposa 200 osawadziwa. Galimoto itanyamuka, mkuluyo anajambula tsamba la kope lake n'kuponya pagulupo, akuti aliyense atsimikize katundu wake. Patsambalo panali dzina langa, firiji, zikwama ziwiri, dzina la mayi, nambala yawo ndi malo otsitsira. Anthu ena onse chimodzimodzi, mzere ndi mzere.

Galimoto ili m'njira, mayi analandira foni kwa mnyamata wolankhula mwaulemu zedi. Anawatchula dzina lawo, anatchula dzina langa, anatchula firiji. Anati katundu wagwidwa pa boda ya Mwanza, pakufunika kuwonjezera ndalama msanga apo ayi firiji itsala, ndipo ine sakundipeza chifukwa ndili kuntchito. Mayi akanakayika pati? Munthu akudziwa mpaka chiwerengero cha zikwama. Anakakongola ndalama kwa anzawo a kumpingo n'kutumiza pafoni. Ine ndinamva madzulo nditaweruka, akundiuza mosangalala kuti "mwanawe usadandaule, za kuboda zija ndakonza."

Nditamuimbira transipota uja, yankho lake linali lakuti iye sanatume munthu, ndipo agogo azisamala. Ndinamufunsa kuti wakubayo nambala ya mayi anaipeza kuti. Anati gulu ndi lotseka, amalemba ndi iye yekha. Apa ndi pamene ndimafuna mumvetse, chifukwa bodza limeneli ambiri amalikhulupirira. Adimini akatseka gulu kuti azilemba yekha, watseka pakamwa pa anthu, maso sanawatseke. Mndandanda wa mamembala umaonekabe, ndipo chilichonse chimene waponya aliyense angathe kuchisunga. Chithunzi chija anachifufuta nditakalipa, koma chinali chitagona kale m'mafoni a anthu. Kenako ndinapeza kuti linki yolowera pagululo inkayenda m'magulu ena a Amalawi ngati chilengezo cha malonda, ndiye aliyense woidina ankangolowa, kaya ali ndi katundu kaya alibe. Nditanena zimenezi anandichotsa pagulu. Firiji inafika bwinobwino, ngongole ya mayi ndinabweza ndine.

Akanagwiritsa ntchito bulodikasiti polengeza kuti galimoto yadutsa Beitbridge, yafika Tete, yalowa m'Malawi, aliyense wa ife akanamva zomwezo popanda kuonana. Za katundu wa munthu akanatumizira mwiniwake yekha. Inu amene mumanyamula katundu, osoka zovala, oluka tsitsi, ogulitsa usipa ndi ufa wa kumudzi, makasitomala anu alibe chifukwa chodziwirana. Ena mwa iwo mapepala awo sanalongosoke, ena anathawa banja lovuta ndipo safuna kuti munthu wina adziwe nambala yawo yatsopano. Si udindo wanu kuwaika pagulu.

Koma musathamange kunena kuti bulodikasiti ndiye mankhwala a zonse. Ili ndi msampha wake, ndipo ndi woipa chifukwa suchita phokoso. Uthenga wa bulodikasiti umafika kwa okhawo amene anaseva nambala yanu mufoni mwawo. Kuti inu munawaseva sizikwanira. Foni imakulolani kuwaika pamndandanda, imakulolani kutumiza, ndipo siyikuuzani kuti uje ndi uje sanalandire.

Tiyerekeze kuti mwasankhidwa kulengeza maliro a mnzathu, ndipo mwaika anthu 60 pamndandanda. Mwa amenewo, 40 ali ndi nambala yanu. Ena 12 munangotenga manambala awo kwa anzanu, iwo sakukudziwani. Otsala 8 ali ndi nambala yanu yakale, ija munasiya mutataya simu. Mwatumiza, mwapita kukagona mukuganiza kuti anthu 60 amva. Amva ndi 40. Loweruka anthu akuchepa pamsonkhano, inu mwayamba kudandaula kuti Amalawi alibe chikondi, chonsecho anthu 20 sanaone kalikonse.

Njira yodziwira ilipo. Tsegulani mndandandawo, dinani uthengawo kwa kanthawi, sankhani Info. Muona amene wawafika ndi amene awerenga. Amene sakuoneka pamenepo mwina foni yawo yazima, mwina bandulo yatha, mwinanso sanakuseveni. Kuti musiyanitse, mulembereni munthuyo moni mwachindunji. Moniyo ukaonetsa matiki awiri pamene uthenga wa bulodikasiti uja sunafikebe, dziwani kuti foni yake ili bwino, kungoti nambala yanu alibe. Mupempheni aseve, kenako mumutumizire uthengawo payekha, musadikire kuti wakale uja umupeza.

A kumudzi ndiye pamakhalanso vuto lina. Mukawauza nambala yanu ya kuno momwe timaitchulira, kuyambira ndi 0, iwo n'kuiseva choncho, foni yawo imaitenga ngati nambala ya ku Malawi, ndipo WhatsApp siyiigwirizanitsa ndi inu. Aseve kuyambira ndi +27, ziro woyamba uja achotse. Inunso awo muziseva ndi +265. Ndipo mukasintha simu, musangoyamba WhatsApp yatsopano. Pitani ku Settings, Account, Change number, n'kusankha kuti anthu anu adziwitsidwe. Ngakhale mutatero, amene sanavutike kuseva yatsopanoyo bulodikasiti yanu siwafika.

Tsopano tibwere kwa inu olandira, pakuti apa ndi pamene anthu amapusitsidwa. Popeza uthenga wa bulodikasiti umaoneka ngati wolembera inu nokha, maejenti abodza amaukonda kwambiri. Mumadzuka m'mawa n'kupeza: "Achimwene, pantchito paja patsala malo amodzi, ndasungira inu. Tumizani ndalama yolembetsera lero." Mtima umati myaa, munthuyu wandiganizira. Chonsecho mawu omwewo apita kwa anthu 200, aliyense akuganiza kuti malowo ndi ake. Taonani bwino uthengawo. Mulibe dzina lanu, mulibe chilichonse chimene inu ndi iye munakambiranapo, ndi "achimwene" kapena "achemwali" basi. Funsani mnzanu amene ali ndi nambala ya ejenti yemweyo ngati walandira. Akakuonetsani mawu omwewo, pa ola lomwelo, sungani ndalama yanu. Ndipo kumbukirani kuti umakufikani chifukwa munamuseva. Mukafufuta nambala yake, mabulodikasiti ake amasiya kubwera, ngakhale angathebe kukulemberani mwachindunji mpaka mutamubuloka.

N'chifukwa chake pa nkhani ya ndalama za anthu ambiri ine ndimatembenuka n'kunena kuti gulu ndiye loyenera. Chipereganyu, zopereka za maliro, ndalama yotumizira thupi kumudzi, izi zimafuna maso ambiri. Msungichuma amene akusonkhetsa kudzera pa bulodikasiti, ndiye kuti aliyense akumuyankha kuseri, ndipo palibe amene akudziwa kuti onse pamodzi apereka zingati. Angathe kulandira kwa anthu 50 n'kunena kuti apereka ndi 30. Musavomere. Koma gululo likhale la anthu odziwana, lolowa ndi chilolezo cha adimini. Linki ikatayika m'manja, adimini aisinthe pa Reset link, yakaleyo imafa nthawi yomweyo. Polengeza zopereka lembani dzina ndi ndalama basi. Zithunzi za pasipoti, za pemiti, manambala a abale a kumudzi, malisiti oonetsa akaunti ya munthu, izi sizikhala pagulu, ngakhale gulu la mpingo. Mwa anthu 80 opemphera limodzi, foni ya mmodzi idzabedwa pa tekisi, ndipo wakubayo adzawerenga zonse.

Chitani ichi lero lomwe, musadikire kuti zikuonekereni: Settings, Privacy, Groups, sankhani My contacts. Munthu amene simunamuseve sangakuponyeninso pagulu, ayenera kukutumizirani pempho, inu muvomere kapena mukane. Koma transipota munamuseva, eti? Ndiye sankhani My contacts except n'kuchonga dzina lake ndi la ejenti aliyense. Pa Privacy pomwepo tsekaninso chithunzi chanu kuti azichiona okhawo amene munawaseva.

Ngati muli kale pagulu lotere, tulukani, koma musaganize kuti mwafufutika. Kuyambira mu 2022 ukatuluka maadimini okha ndi amene amadziwitsidwa, zoona, komabe nambala yako imaonekabe kwa masiku 60 pa mndandanda wa amene anatuluka, ndipo amene anaikopera kale ali nayo. Choncho imbirani kumudzi usiku uno. Auzeni amayi, malume, kapena aliyense amene amakulandirirani katundu kuti munthu akaimba kunena za boda, za kasitomu, za ndalama yowonjezera, ngakhale atatchula dzina lanu ndi mtundu wa firiji, asatumize tambala mpaka amve mawu anu. Ndipo transipota wotsatira amene mudzamupatse katundu, mumuuze musanalipire kuti nambala ya amayi anu ikhale m'kope lake, isapite pagulu. Akakana, onyamula katundu ndi ambiri.