Momwe mungawerengere chithunzi cha kamera yoona kutentha

Munthu akaona koyamba chithunzi cha kamera yoona kutentha, maso amathamangira pamalo ofiira kapena oyera, ndipo mtima umati pamenepo pali moto. Nthawi zambiri palibe moto uliwonse. Kamera imeneyi siona mitundu. Imalandira kuwala kwa infuraredi kumene chinthu chilichonse chimatulutsa malinga ndi kutentha kwake, kuwala kumene maso athu saona, kenaka imapaka mitundu yongosankha kuti ife tithe kusiyanitsa potentha ndi pozizira. Choncho mtundu womwewo ukhoza kuimira madigiri 30 pa chithunzi china ndi madigiri 300 pa chinzake. Tiyeni tione momwe mungawerengere chithunzi chotere, ndipo tigwiritsa ntchito chitsanzo cha bokosi la magetsi.

Choyamba, dziwani mitundu imene kamera yasankha

Kamera iliyonse imakhala ndi magulu angapo a mitundu, ndipo pa sikirini mudzawapeza pa mawu akuti Palette. Limene mudzakumane nalo kawirikawiri ndi Ironbow, makamera ena amangolemba Iron. Limatsanzira chitsulo chimene chikuwotchedwa pamoto: pozizira kwambiri ndi pakuda, kenaka pamabwera buluu wakuderako ndi pepo, kenaka kufiira, olenji, chikasu, ndipo potentha kwambiri ndi poyera. Onani bwino apa. Pa Ironbow kufiira kuli chapakati, si pamwamba ayi. Ambiri amalakwitsa pomwepa, amalozera pofiira n'kusiya kadontho koyera kamene kali pambali pake, pomwe vuto lili pa kadonthoko.

Gulu la Rainbow limayamba ndi buluu pozizira, kudutsa pobiriwira ndi pachikasu, mpaka kufiira potentha, ndipo makamera ena amawonjezera koyera pamwamba penipeni. Limaonetsa msanga kusiyana kwakung'ono, koma lili ndi chinyengo chake: pamene chobiriwira chikusanduka chikasu pamaoneka ngati pali malire enieni, chonsecho kutentha kukungokwera pang'onopang'ono.

Palinso magulu awiri opanda mitundu. Pa White Hot chotentha chimayera, chozizira chimada. Pa Black Hot n'zosemphana, chotentha ndicho chimada. Mukalandira chithunzi chotuwa ndipo simukudziwa kuti ndi gulu liti, funani chinthu chimene mukuchidziwa kale. Nkhope kapena dzanja la munthu m'chipinda nthawi zambiri zimakhala zotentha kuposa makoma, ndipo thambo lopanda mitambo limaoneka lozizira kuposa china chilichonse pa chithunzi. Zimenezi zikuuzani mbali imene kutentha kukulowera.

Chachiwiri, werengani kamzere ka m'mphepete

Ili ndiye gawo limene ndikufuna tikhalepo pang'ono. M'mphepete mwa chithunzi mumakhala kamzere kokhala ndi mitundu yonse, ndipo kali ndi nambala pamwamba ndi ina pansi. Nambala ya pamwamba ndi kutentha kumene mtundu wotsiriza ukuimira, ya pansi ndi kumene mtundu woyamba ukuimira. Popanda manambala awiriwa, chithunzi chimangokuuzani kuti apa n'potentha kuposa apo, koma sichinena kuti ndi madigiri angati. Yang'ananinso ngati palembedwa °C kapena °F, chifukwa 95 °F ndi 35 °C basi, kutentha kwa khungu la munthu.

Makamera ambiri amayamba ali pa Auto. Apa kamera imafuna chinthu chotentha kwambiri pa zimene ikuona n'kuchipatsa mtundu wa pamwamba, chozizira kwambiri n'kuchipatsa wa pansi, zotsalazo n'kuzigawa pakati. Mukaloza khoma limene mbali ina lili pa madigiri 22 ndipo mbali ina 24, kamera idzatambasula madigiri awiriwo pa mitundu yonse, ndipo khomalo lidzaoneka ngati likuyaka. Wina akalowetsa kapu ya madzi otentha a madigiri 80 m'chithunzimo, khoma lonse lidzasanduka lakuda nthawi yomweyo. Khoma silinazizire. Chasintha ndi muyeso.

N'chifukwa chake simungayerekeze zithunzi ziwiri zojambulidwa pa Auto pongoona mitundu. Ngati mukufuna kuyerekeza, sinthani kupita pa Manual n'kuika nokha malire. Makamera ena amakupatsani nambala ya pansi ndi ya pamwamba kuti mulembe, ena amagwiritsa ntchito mawu akuti Level ndi Span. Span ndi kutalikirana kwa nambala ziwirizo, Level ndi pakati pake. Mwachitsanzo, kamzere koyambira pa 20 kufika pa 60 kali ndi Span ya 40 ndi Level ya 40. Mukatero, chilichonse choposa 60 chidzaoneka ndi mtundu wa pamwamba, kaya ndi 61 kaya ndi 200, ndiye musaiwale kuti poyera pakhoza kubisala nambala yaikulu.

Chachitatu, tiyese pa bokosi la magetsi

Tiyerekeze kuti katswiri wa zamagetsi watsegula chivundikiro cha bokosi ndipo mukujambula mabuleka atatu ofanana, tizipangizo todula magetsi akachuluka, amene akunyamula magetsi ofanana. Chivundikirocho chiyenera kutsegulidwa chifukwa kamera siona kuseri kwa chitsulo kapena khoma, imangoona kutentha kwa pamwamba. Ndipo ntchito yotsegula bokosi limene magetsi akudutsamo ndi ya munthu wophunzira zamagetsi. Zipangizo zikhale zikugwira ntchito kwa kanthawi, chifukwa polumikizira pofooka sipatentha ngati magetsi sakudutsa. Akatswiri amafuna kuti katundu, kutanthauza kuchuluka kwa magetsi amene akudutsa, akhale wosachepera magawo 40 pa 100 a mphamvu imene njira ya magetsiyo ingathe kunyamula.

Chithunzi choyamba, cha Ironbow pa Auto, chikuonetsa buleka ya pakati yoyera mbee. Musanathamange, yang'anani kamzere: pansi 27, pamwamba 33. Buleka ya pakatiyo ili pa 33, zinzake zili pa 31. Kusiyana ndi madigiri awiri okha, ndipo buleka yopanikizika pakati pa zinzake imatentherako chifukwa mpweya suifikira bwino. Kumbukiraninso kuti makamera ambiri a m'manja amatha kuphonya ndi madigiri awiri kumwamba kapena kunsi. Apa mungolemba m'kope n'kudzaonanso ulendo wina.

Bokosi lachiwiri likuoneka lofatsa. Pafupifupi zonse ndi zakuda ndi zapepo, kupatula kadontho koyera pamene waya akulowera mu buleka ya kumanja. Kamzere kakuti pansi 26, pamwamba 78. Ikani kachizindikiro koyezera ka pakati pa sikirini pa waya wa buleka iliyonse, pamalo ofanana, pa pulasitiki wokuta waya pafupi ndi polumikizira. Awiri akupereka 34 ndi 35, wachitatu 78. Kusiyana ndi madigiri 43. Pa zipangizo zofanana zonyamula katundu wofanana, kusiyana kopitirira madigiri 15 akatswiri amakutenga ngati vuto lofunika kukonza mwamsanga. Chithunzi chowala chija chinalibe kanthu, chakudachi ndicho chili ndi ngozi.

Tsopano tsatirani mitundu pa wayayo. Ngati pali poyera pa polumikizira, kenaka chikasu, olenji, kufiira, mpaka pepo pamene mukutalikira, ndiye kuti kutentha kukuchokera pa polumikizirapo. Mwina sipanamangidwe zolimba, mwina pachita dzimbiri. Koma ngati waya yense ali ndi mtundu umodzi wotentha kuyambira uku mpaka uko, vuto si polumikizira. Wayayo akunyamula magetsi ochuluka kapena ndi wochepa thupi, ndipo choyezera magetsi ndicho chitsimikize. Kumanga polumikizira sikungathandize pamenepo.

Chachinayi, kayikirani chilichonse chonyezimira

Zinthu sizitulutsa infuraredi mofanana ngakhale zitatentha mofanana. Pa kamera muyeso wake walembedwa kuti Emissivity kapena ε, ndipo umayambira pa 0 kufika pa 1. Khungu la munthu lili pa 0.98, tepi yakuda ya magetsi ndi penti wamba zili cha pa 0.95, ndipo makamera ambiri amabwera ataikidwa pa 0.95. Koma mkuwa kapena aluminiyamu wopukutidwa bwino ali pansi pa 0.1. Chitsulo chotere chimachita ngati kalilole: chimatulutsa zochepa zake, n'kubweza kutentha kwa zinthu zoyandikana nacho. Mkuwa wonyezimira umene uli pa madigiri 70, m'chipinda cha madigiri 25, ukhoza kuoneka wa pepo pa sikirini n'kupereka nambala yosafika 30. Munthu n'kuugwira, n'kupsa.

Zimachitikanso mosemphana. Mumaona kadontho kotentha pa chitsulo chozizira, pomwe ndi thupi lanu lomwe likuonekera mmenemo. Kuti mudziwe, sunthani pang'ono kumanja kapena kumanzere. Kadontho kakayenda nanu, n'chithunzithunzi chabe. Kakakhala pomwepo, n'kenikeni. Kuti muyeze chitsulo chonyezimira, matani kachidutswa ka tepi yakuda, dikirani kuti katenthe mofanana ndi chitsulocho, n'kuyeza pa tepipo kamera ili pa 0.95. Ngati ndi chitsulo cha magetsi, tepiyo imamatidwa magetsi atazimitsidwa.

Galasi nalonso limapusitsa. Kamera zimenezi zimaona infuraredi ya mafunde amene sadutsa galasi wamba. Mukaloza zenera, mukuwerenga kutentha kwa galasilo ndi zimene likubweza, osati za kunja. N'chifukwa chake munthu wovala magalasi amaoneka ndi mabwalo awiri akuda m'maso pa Ironbow.

Pozizira napo pamafunika kuwerenga mosamala. Banga labuluu pa denga kapena khoma likhoza kukhala chinyezi, popeza madzi akamauma amaziziritsa malowo, koma likhozanso kukhala mphepo yolowera pa mng'alu. Kamera siona madzi, imangoona kuzizira, ndiye tsimikizani ndi choyezera chinyezi musanagumule khoma.

Musanasunge chithunzi

Yandikirani mmene chitetezo chikulolera, ndipo onetsetsani kuti chithunzi chili chakuthwa. Kanthu kakang'ono kojambulidwa patali kamasakanikirana ndi zozizira zozungulira, ndipo polumikizira pa madigiri 78 paja pakhoza kupereka nambala yotsika kwambiri. Mitundu, Level ndi Span mukhoza kudzazisintha pa kompyuta ngati kamera yanu imasunga kutentha kwa kadontho kalikonse m'fayilo, koma chithunzi chosaoneka bwino sichikonzeka. Mukamva kamera ikuti tche ndipo chithunzi chaima kwa kamphindi, sinawonongeke, ikudzikonza yokha, ingodikirani idutse.

Potumiza chithunzi kwa munthu wina, musadule kamzere ka m'mphepete kaja. Tumizaninso chithunzi wamba cha malo omwewo, ndipo lembani dzina la Palette, nambala ya ε imene munaika, kutentha kwa chipinda ndi kuchuluka kwa magetsi amene amadutsa panthawiyo. Mukadzabwera kudzajambulanso buleka ija itakonzedwa, ikani kamera pa Manual, pansi 26 pamwamba 78 monga poyamba, katundu akhale wofanana, ndipo mawaya onse atatu ayenera kuoneka ndi pepo wofanana.