Ziro imodzi inandichititsa manyazi

Ndimalemba makalata a gulu lathu la alimi a nshawa kuno ku Chipata. Tsiku lina ndinatumizira wogula mtengo wa K1,500 m'malo mwa K15,000, chikalata cha mitengocho n'kuiwalanso kuphatikapo. Maso amanama, amawerenga zimene mutu ukufuna.

Tsopano ndimawerenga mokweza, chala chili pamzere. Ndalama ndimatchula m'mawu kuti "zikwi khumi ndi zisanu", kenako n'kuwerenga maziro limodzilimodzi. Dzina ndimalifananiza ndi kalata ya mwiniwake, chifukwa a Mwale si a Mwanza. Deti ndimayang'ana pakalendala ngati likugwadi Lachitatu.

Chikalata chophatikacho ndimachitsegula kaye, poti tsiku lina chinali cha mwezi watha. Adiresi ya wolandira ndimaikapo pomalizira penipeni.