Mmene tinakonzera pempho la ndalama zofufuzira sikoselo ndi malungo

Sikoselo ndi matenda a magazi otengera kwa makolo, opinditsa maselo ofiira. Pempho loyamba linkafuna kuyeza ana a muno mu Lusaka, kuona ngati obadwa ndi jini imodzi yokha ya sikoselo, a HbAS, sapezeka ndi tizilombo ta malungo. Linali lofooka pawiri. Malungo muno ngochepa, komanso HbAS siitchinga kwenikweni tizilomboti kulowa m'magazi. Chimene imachepetsa, ndi pafupifupi 90 peresenti, ndi malungo aakulu, okomola kapena otha magazi.

Choncho tinasintha funso, kafukufukunso tinamusamutsira ku Luapula, kumene malungo ndi a chaka chonse. Mwana aliyense wosakwana zaka 5 wogonekedwa ndi malungo aakulu timufananitsa ndi ana awiri athanzi, amsinkhu wake, a m'mudzi mwake. HbAS ikapezeka mwa apo ndi apo pakati pa ogonekedwawo, koma kawirikawiri mwa athanziwo, chitetezo chaoneka.

Ndalama zambiri tinaziika pa ilekitirofolesisi, njira yoyezera magazi yoonetsa mtundu wa sikoselo umene mwana ali nawo, chifukwa kuyeza kotchipa kuja, koona ngati maselo akupindika, sikusiyanitsa HbAS ndi HbSS, ya obadwa ndi majini awiri a sikoselo. Tinalembanso kuti magazi azitengedwa mwana asanaonjezeredwe ena. Kupanda kutero, wa HbSS angaoneke ngati wa HbAS, chitetezo n'kuoneka chochepa.