Momwe mungatcherere alamu ya pemphero yomwe siidzalimbana ndi ntchito yanu

Ambiri aife sikuti sitifuna kupemphera ayi, vuto ndi loti tsiku limatithawa. Umadzuka mochedwa, madzi osamba, ana akusukulu, kuthamangira minibasi, ukafika kuntchito basi mpaka madzulo, ukamati ugwade pambali pa bedi tulo takupeza kale usanafike ndi pa ameni pomwe. Ine ndimagwira pa kauntala mu shopu ina ya zipangizo zomangira ku Limbe, ndimakhala ku Bangwe, ndiye zomwe ndilembe panozi ndi zomwe ndinayesa ndekha, zina zinakanika kaye ndisanapeze zomwe zikuyenda.

Choyamba, musayambe ndi foni. Yambani ndi kuliyang'ana tsiku lanu. Kwa masiku atatu ogwira ntchito ingoonani kuti ndi nthawi iti yomwe manja anu amakhala opanda kanthu komanso palibe amene akukuitanani, lembani pakapepala. Ichi ndi chomwe ine ndinalumpha poyamba ndipo chinandigwetsa. Ndinatchera alamu 12:00 masana chifukwa inkaoneka nthawi yabwino yozungulira, koma kwathu 12 koloko ndi nthawi yomwe amisiri amabwera kudzagula misomali ndi simenti pomwe iwowo apumira kumasayiti, mzere umafika pakhomo. Alamu ikalira ndinkangoipsinja ndi chala osayang'ana nkomwe, uku ndikuwerenga chenji. Patatha masabata awiri chala chinazolowera kuizimitsa chokha, madzulo ndimadzifunsa kuti kodi lero inalira? Alamu yomwe mwaizimitsa kakhumi osachita chomwe ikunena yafa, ngakhale ikulirabe tsiku ndi tsiku.

Nditayang'ana bwino ndinapeza kuti mpata wanga weniweni uli pa 1:20. Lanchi timapita mosinthana, ine yanga imayamba 1:00, pofika 1:20 ndamaliza kudya, ndatsuka kontena, ndakhala pa matumba kuseri kwa sitolo ndipo mphindi zomwe zimatsatirazo ndinkangothera pa WhatsApp. Pamenepo ndi pomwe ndinasamutsira alamu ija. Ndiye mfundo yake ndi imeneyi, nthawi ya pemphero muimangirire ku chinthu chomwe mumachita kale tsiku lililonse, monga kumaliza kudya, kuteleka madzi a tiyi, kutseka geti, kukhala pansi mu minibasi. Alamu ingobwera kudzakugwirani paphewa pa nthawi yomwe muli kale omasuka.

Chachiwiri, sankhani nthawi zochepa. Ine ndinganene kuti yambani ndi imodzi yokha ya masana kwa sabata yathunthu, ikakhazikika muonjezere, koma musapyole zitatu. Zitatuzi si zachilendo, Danieli anali nduna yaikulu yotanganidwa ndi za boma koma ankagwada katatu pa tsiku, zili pa Danieli 6:10, ndipo Salimo 55:17 imatchula madzulo, m'mawa ndi masana. Zanga zili chonchi: 5:15 m'mawa madzi ali pa mbaula, 1:20 masana, ndi 7:40 madzulo. Ya madzuloyi ndinachita kuibweza dala, poyamba inali 9:30 ndili kale pabedi ndipo ndimagona pakati pa pemphero. Pano imalira tikangomaliza kudya mbale zisanachoke, ndikadali tsonga pampando. Pemphero la madzulo musaliike pabedi ngati mumafika kunyumba mutatopa, thupi limawina.

Chachitatu ndiye kutchera kwenikweniko. Gwiritsani ntchito wotchi yomwe inabwera ndi foni, siifuna bandulo komanso siifuna netiweki. Pa foni za Android tsegulani Clock, pitani pa Alarm, dinani chizindikiro cha + nkuika nthawi. Kenako pa Repeat sankhani masiku omwe mumagwira ntchito, ine ndi Lolemba mpaka Loweruka, Lamulungu ndinalisiya poti tsikulo limayenda mwa mtundu wina ndipo sindifuna ilire ndili mutchalitchi kapena kumaliro. Mafoni amasiyana pang'ono kalembedwe, ena masikuwo amangoonetsa timalemba pansi pa nthawi, koma zonse zili pamalo amodzi omwewo. Kafoni ka mabatani nakonso kamatha, kali ndi Alarm ndi Repeat yake, ndipo kali ndi ubwino woti batire limakhala masiku angapo magetsi akavuta.

Pali malo olembedwa Label kapena Alarm name, ambiri amawadumpha koma kwa ine ndi ofunika kuposa nthawi yomwe. Musalembe kuti "pemphero" basi. Lembani chomwe mukachite, monga "Salimo 121, mayi, lendi". Chifukwa chake nchoti alamu ikalira mutu umakhala udakali pa ntchito, ukati uyambe kuganiza kuti ndipempherere chani mphindi zija zatha, koma ukawerenga mawu atatu pa sikirini walowa kale. Ine ndimasintha mawuwa Lamulungu madzulo, sabata ino akhoza kukhala mayeso a mwana, sabata inayo mnzanga wakuntchito amene mkazi wake ali kuchipatala.

Nkhani ya phokoso musaiiwale. Foni kuiika pa Silent sikuletsa alamu kulira pa mafoni ambiri, alamu ili ndi voliyumu yakeyake. Tsiku lina yanga inalira mokweza bwana akutilankhula za sitoko, zinandichititsa manyazi ndipo ndinatsala pang'ono kuichotseratu. Ndiye ya masana, pomwe pali posankha nyimbo ya alamu sankhani None kapena Silent nkuyatsa Vibrate, foni ikhale m'thumba la thalauza kapena la epuloni osati mu chikwama. Komanso ya pemphero la m'mawa isafanane kulira ndi yodzutsa ija, khutu linaphunzira kale kuti kulira kumeneko yankho lake ndi kuzimitsa nkutembenuka.

Chachinayi, konzekeranitu kuti mphindi zimenezo muzichita chani, ndipo zikhale zochepa moti simunganene kuti ndilibe nthawi. Masana ine ndimatenga mphindi zitatu mpaka zisanu. Ndimatembenuza foni kuyang'anitsa pansi ndikangowerenga mawu aja, ndimapuma mpweya mozama kangapo osanena kanthu kuti mtima utsike, poti nthawi zina umakhala utangokangana kumene ndi kasitomala wobweza penti yotsegula kale. Kenako Salimo lalifupi. Salimo 121 ili ndi mavesi 8, Salimo 23 ili ndi 6, Salimo 117 awiri okha, ndipo mukawerenga limodzi lomwelo sabata yonse pofika Lachisanu mwaliloweza, simufunanso kutsegula buku. Ine ndinachita kukopera pakapepala nkuika kuseri kwa foni mkati mwa kava, chifukwa ndikati ndiwerenge pa foni maso amakagwera pa mameseji. Mukatero tchulani anthu aja ndi nkhawa ija mwachidule, thokozani chinthu chimodzi chomwe chachitika kuyambira m'mawa, malizani ndi Atate Athu. Basi. Amene mukungofuna kakhalidwe ka chete kosinkhasinkha, njira ndi yomweyi, m'malo mwa Salimo dzifunseni mafunso awiri, chandisowetsa mtendere nchani lero ndipo ndani amene ndamulankhula molakwika.

Za malo musavutike nazo kwambiri. Sikuti mpaka mugwade kapena mukweze mawu anzanu akumve. Nehemiya anapemphera chamumtima ali chiimire pamaso pa mfumu atangofunsidwa funso, onani Nehemiya 2:4, anali pantchito yake yoperekera chikho. Kuseri kwa ofesi, pansi pa mtengo, mu galimoto yoima, pa benchi la kumsika, zonse zimatheka. Chomwe ndimakana ndi kuyamba pemphero lonse la mphindi zija uku ukutumikira munthu, kapena kutseka maso uli pa makina kapena pa chiwongolero, nthawi ya abwana ndi ya kasitomala tisaibe m'dzina la pemphero.

Tsopano alamu ikalira muli pakati pa ntchito mutani? Dinani Snooze, musadine Dismiss. Koma kamodzi kokha. Ikaliranso mudakali otanganidwa, nenani chiganizo chimodzi chamumtima, ngakhale "Ambuye ndithandizeni pano", nkuizimitsa, tsiku limenelo lakwana choncho ndipo musadziimbe mlandu kapena kunena kuti mawa ndibweza kawiri, ngongole za pemphero ndi zomwe zimapangitsa munthu kusiyiratu. Koma muziwerenga. Ngati pa masiku asanu ndi limodzi mwaiphonya katatu, vuto si mtima wanu, nthawiyo ndi yolakwika, isunthireni mphindi 20 kapena 30 kutsogolo nkuyesanso sabata ina. Kumapeto kwa mwezi anthu akalandira shopu yathu imadzaza ndipo lanchi imachedwa, ndiye sabata imeneyo yanga ndimaipititsa 2:10.

Pali ena omwe nthawi sasankha okha. Akatolika omwe amanena Anjelusi nthawi zake ndi 6 m'mawa, 12 masana ndi 6 madzulo, ndi pemphero lalifupi la ma Tikuoneni Maria atatu lomwe munthu amatha kunena ataimirira, ndiye ngati 12:00 imakupezani pa mzere tcherani yachiwiri pa nthawi ya lanchi ngati yobwezera. Abale athu achisilamu nkhani yawo ndi yosiyana ndithu chifukwa Swala zisanu zimayenda ndi dzuwa, ndipo kuno ku Blantyre kulowa kwa dzuwa kumasiyana pafupifupi ola lathunthu pakati pa Juni ndi Januwale. Alamu yomwe munatchera ya Magharibi m'nyengo yozizira ikhala yolakwika pofika nthawi ya mvula. Mnzanga amene timagwira naye amajambula tebulo la nthawi la kumzikiti nkumakonza ma alamu ake Lachisanu lililonse, ndipo amaika kuti izilira mphindi khumi isanakwane nthawi kuti apeze mpata wa udhu, kudziyeretsa ndi madzi asanaswali. Zuhuri ndi Asiri ndi zomwe zimagwa mkati mwa ntchito, iye anakambirana ndi abwana kuti lanchi yake aigawe pawiri, ife timamugwirira kauntala.

Kwa omwe munapanga dawunilodi ma apu okumbutsa pemphero kapena oimba adhana ndipo amangosiya kulira patapita masiku, kawirikawiri ndi foni yomwe imawatseka pofuna kusunga batire. Lowani mu Settings, pezani Apps, sankhani apu imeneyo, pa Battery ikani Unrestricted kapena Don't optimize kutengera ndi foni yanu. Komanso dziwani kuti mafoni ambiri a Android akathima kotheratu alamu siilira, ndiye tsiku lomwe magetsi anazima usiku wonse ndipo foni yafa, chomwe chimatsala ndi chija munamangirira poyamba. Ine ndikangotsuka kontena langa pampopi wakuseri kuja ndimadziwa kuti nthawi yakwana, kapepala ka Salimo kali mu kava ngakhale foniyo ili yozima.

Ogwira mashifiti, anamwino, alonda, apamafilingi sitesheni, tcherani magulu awiri a ma alamu, lina la sabata ya masana lina la sabata ya usiku, mulembe pa Label kuti "masana" kapena "usiku" kutsogolo kwa mawu aja, ndipo tsiku losintha shifiti muzingoyatsa gulu limodzi nkuzimitsa linalo osafufuta.